Kologeti wochuluka bwanji pa mswachi wa mwana?

Makolo ndi olera ana anzanga, m'katundu wa ukhondo amene timalandira nthawi zina mumakhala mswachi ndi mankhwala otsukira mano, aja ambirife timangowatcha kologeti ngakhale atakhala a dzina lina. Chubu chimabwera chimodzi pabanja, ndiye bambo, mayi ndi mwana wa zaka ziwiri onse amafinya momwemo. Kugawana chubu sikulakwa. Nkhani ili pa kuchuluka kwa mankhwala amene tikumuikira mwana pa mswachi, chifukwa mwana wamng'ono sadziwa kulavula. Zambiri amameza.

Mu kologeti muli mchere wina wotchedwa fuloraidi. Mcherewu umapezekanso mwachilengedwe m'miyala, m'madzi a pansi pa nthaka ndi m'masamba a tiyi. Ukamakhudza mano kunja, umalimbitsa chikuto choyera cha dzino ndipo umaliteteza kuti lisabooke. Koma mwana akamaumeza wambiri tsiku ndi tsiku, umalowa m'magazi n'kukafika pa mano achikulu amene akuumbika mkati mwa nkhama. Chikuto cha manowo sichikhwima bwino, ndipo akadzamera amatuluka ali kale ndi zizindikiro. Vutoli madokotala amalitcha fulorosisi.

Likakhala laling'ono, dzino limaoneka ndi timizere kapena timadontho toyera ngati choko, toti mwina simungatione popanda kuumitsa dzinolo. Likakula, mano amakhala ndi mawanga achikasu kapena ofiirira, ndipo ena amachita timaenje n'kumanyenyeka m'mphepete.

Chofunika kudziwa n'chakuti vutoli lili ndi nyengo yake. Limayamba pokhapokha mano akuumbika, kuyambira ukhanda mpaka pafupifupi zaka 8. Mano akutsogolo a m'mwamba, amene amaoneka munthu akaseka, amakhala pachiopsezo kwambiri mwana ali pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu, chonsecho amadzamera ali ndi zaka 7 kapena 8. Choncho mawanga amene mukuwaona lero pa mwana wa Sitandade 2 akunena za madzi amene ankamwa ali wakhanda. Kwa ife amene tinasamuka, izi n'zofunika. Mwana amene anafika pano ali ndi zaka 9, mano akutsogolo ali ofiirira, sanawatenge ku mjigo wa pano ndipo sanawatenge ku kologeti amene analandira mwezi watha. Komanso munthu wamkulu sangayambe fulorosisi ya mano, ngakhale atamatsuka kangati.

Tsono muyezo ndi uwu. Mwana wosakwana zaka zitatu, kungoyambira pamene dzino loyamba lamera, muikireni kadontho kofanana ndi kanjere kamodzi ka mpunga. N'kungopaka chabe pa mswachi. Wa zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi, kadontho kofanana ndi njere imodzi ya nandolo. Kutsuka ndi kawiri patsiku, m'mawa ndiponso usiku asanagone. Wofinya akhale wamkulu, osati mwana mwiniwake kapena mkulu wake wa zaka zisanu. Ngati dzanja limakupitirirani, finyani mopingasa mswachi m'malo motsata mulitali mwake. Zithunzi zija za pamapaketi, zoonetsa kologeti atadzaza mswachi wonse n'kupindika kumapeto ngati mchira, n'zotsatsira malonda. Ngakhale munthu wamkulu safunika wochuluka choncho.

Kuti tione chifukwa chake muyezo uli wochepa chonchi, tiwerengere limodzi. Tembenuzani chubu muyang'ane timalemba tating'ono ta kumbuyo. Mupeza nambala yonga `1450 ppm F` kapena `1000 ppm F`. Nambala ya 1450 ikutanthauza kuti mu galamu imodzi ya kologeti muli mamiligalamu 1.45 a fuloraidi. Galamu imodzi ndi pafupifupi mswachi wodzaza.

Titenge mwana wa zaka ziwiri amene kabuku kake ka kusikelo kakuonetsa makilogalamu 12. Malire amene akatswiri a zakudya amagwiritsa ntchito kwa ana aang'ono ndi mamiligalamu 0.1 patsiku pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kuphatikiza zonse: madzi, chakudya ndi kologeti. Kwa mwana wathuyu ndiye kuti asapitirire mamiligalamu 1.2 patsiku.

Mayi ake akamamudzazira mswachi m'mawa ndi usiku, m'kamwa mwake mukulowa mamiligalamu 2.9. Mwana wa msinkhu uwu kumeza theka n'kosavuta, makamaka kologeti akakhala wotsekemera. Theka lake ndi pafupifupi mamiligalamu 1.5. Wadutsa kale malire asanamwe ndi kapu imodzi yomwe ya madzi. Koma akamamuikira kanjere ka mpunga, komwe kamalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu, kutsuka kawiri kumabweretsa mamiligalamu 0.3 basi, ngakhale atameza zonse. Chubu ndi chomwecho, mwana ndi yemweyo, chasintha ndi chala chofinya.

Kudutsa malire tsiku limodzi sikuononga dzino. Chimene chimaononga ndi chizolowezi cha miyezi ndi zaka.

Ena akamva izi amaganiza zosiyiratu kologeti, kapena kukafuna wa ana wopanda fuloraidi. Ine ndikuona kuti kumeneko ndi kuthawa mvula n'kukagwera m'dziwe. Timadontho toyera ta fulorosisi yaing'ono sitipweteka. Dzino lobooka limamulepheretsa mwana kudya ndi kugona, limatupitsa tsaya, ndipo tonse tikudziwa kuti dokotala wa mano sapezeka tsiku lililonse, moti kawirikawiri chithandizo chimathera pa kuzula. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2021 linaika mankhwala otsukira mano a fuloraidi wa pakati pa 1000 ndi 1500 pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Otsika kuposa 1000 sateteza mokwanira. Ndiye musavutike ndi kugula wina wapadera. Wa banja lonse yemweyo ndi wabwino, bola muyezo. Ngati pachubu palibe nambala iliyonse kapena mawu oti `fluoride`, monga ena otchipa a pamsika, musadalire kuti akuteteza mano.

Akamaliza kutsuka, mwana alavule thovu. Sipafunika kuchukucha ndi madzi ambiri, chifukwa kotsalira pang'ono pamano ndi kamene kamagwira ntchito usiku. Khanda losadziwa kulavula mungolipukuta thovulo ndi kansalu koyera. Ana aphunzitseni kulavula ngati masewera, ndipo muziwaimirira mpaka atafika zaka 7 kapena 8.

Pali ngozi ina yosiyana ndi mawanga, ndiyo mwana kudya kologeti wambiri nthawi imodzi. Ana ena amayamwa chubu ngati switi. Akanyambita pang'ono, angamve m'mimba kapena kuchita nseru basi. Mlingo woopsa umayambira pa mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa mwana wa makilogalamu 12 uja ndi mamiligalamu 60, kapena kuti magalamu pafupifupi 40 a kologeti wa 1450, omwe sakwana ndi theka lomwe la chubu cha magalamu 100. Mukapeza chubu chaphwa ndipo simukudziwa kuti wadya wochuluka bwanji, kapena mwana akusanza, akutuluka dovu, akutsekula m'mimba kapena wafooka, m'patseni mkaka ngati ulipo ndipo akutha kumeza, chifukwa mkaka umagwira fuloraidi m'mimba. Musamukakamize kusanza. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo mutatenga chubucho, kuti azaumoyo awerenge nambala ija. M'nyumba zathu zopanda makabati, malo abwino a chubu ndi kuchisomeka kudenga kapena m'thumba lopachika pamwamba.

Tsopano za madzi, chifukwa mano ofiirira kwambiri amene timawaona kuno kwathu kawirikawiri gwero lake si kologeti. Chigwa chachikulu chimene chimayambira ku Ethiopia, kudutsa Kenya ndi Tanzania mpaka ku nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, chili ndi malo ambiri amene miyala yake imatulutsa fuloraidi m'madzi. Amene anakhalako ku Nathenje m'boma la Lilongwe, kapena mbali zina za Balaka ndi Machinga, akudziwa midzi imene ana ambiri ali ndi mano a mtundu umodzi. Malire a WHO pa madzi akumwa ndi mamiligalamu 1.5 pa lita.

Tibwerere kwa mwana wathu wa makilogalamu 12. Tinene kuti patsiku amalandira lita imodzi ya madzi, kuphatikiza a mu phala. Ngati mjigo wake uli ndi 0.5 pa lita, tikaonjeza 0.3 wa kanjere ka mpunga tikupeza 0.8, ndipo ali mkati mwa malire ake a 1.2. Ngati mjigowo uli ndi 3 pa lita, madzi okhawo amupatsa mamiligalamu atatu, kuposa kawiri malire ake. Pamenepa kumumana kologeti sikungapulumutse mano ake. Chofunika kusintha ndi madzi.

Fuloraidi saoneka, sanunkha ndipo sakoma. Kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Madzi akaphwera pamoto, iye amatsala n'kuchulukirako. Kolorini amapha tizilombo koma fuloraidi samukhudza, ndipo kusefa ndi nsalu n'chimodzimodzi. Mijigo iwiri yoyandikana ikhoza kusiyana kwambiri, choncho njira yodziwira ndi kuyeza basi. Ngati mwaona kuti ana angapo amene anabadwira pano ndipo amamwa pa mjigo umodzi akumera mano amawanga, uzani komiti ya madzi kapena alangizi a zaumoyo, apemphe kuti mjigowo uyezedwe fuloraidi. Ukapezeka ndi wambiri, madzi akumwa ndi ophikira phala la ana aang'ono azitungidwa pa mpopi kapena mjigo wina umene wayezedwa, ndipo a pa mjigo winawo akhale ochapira ndi osamba. Madzi amvula amakhala ndi fuloraidi wochepa kwambiri, koma amafunika kuthira kolorini. Musathawire kumtsinje kapena pachitsime chosatetezedwa. Kolera imapha m'maola ochepa, mawanga a mano sapha. Mkaka wa m'mawere uli ndi fuloraidi wochepa zedi ngakhale mayi akumwa madzi omwewo, choncho khanda loyamwa lili pabwino kusiyana ndi lomwa mkaka wa m'chitini wosungunula ndi madzi a pa mjigo wotere.

Nanga mungasiyanitse bwanji fulorosisi ndi kuwola kwa dzino? Fulorosisi imagwira mano awiriawiri: dzino la kumanja likakhala ndi mzere, mnzake wa kumanzere amakhalanso nawo pamalo ofanana. Dzino limamera lili kale choncho, ndipo kawirikawiri silipweteka. Kuwola kumayamba pa dzino limene linamera lili bwinobwino, nthawi zambiri m'mbali mwa nkhama kapena m'mipata mwa mano, malowo amanka nakula n'kufewa, ndipo mwana amadandaula akamwa tiyi wotentha kapena akadya zotsekemera. Mukaona zimenezi pitani naye kuchipatala dzino lisanafike pozulidwa.

Mawanga a fulorosisi ali mkati mwa chikuto cha dzino, si litsiro. Kupala ndi makala, phulusa, mchenga kapena soda sikuwachotsa, kumangopepula chikuto chimene chinali chofooka kale, dzino n'kuyamba kuchita dzanzi ndi madzi ozizira. Sapatsirana, ndipo mwana sayenera kukalipiridwa kuti satsuka. Madokotala a mano amatha kuwachepetsa kapena kuwaphimba mwana akakula. Pakadali pano azitsukabe kawiri patsiku ndi kologeti wa fuloraidi, chifukwa dzino la timaenje limasunga zakudya ndipo nalonso limabooka.