Kalembedwe ka Wilo kwa Mwini Chigayo wa Ana a Maukwati Awiri

Wilo ndi chikalata chimene munthu amalembamo mmene chuma chake chidzagawidwire iye atamwalira, ndipo ku Malawi kalembedwe kake kamatsata lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011. Chitsanzo chothandiza ndi cha bambo wa chigayo ndi golosale amene ali ndi ana awiri akuluakulu a ukwati woyamba komanso atatu aang'ono a ukwati wachiwiri.

Poyamba bamboyo alembe katundu amene ndi wakewake, pamodzi ndi ngongole zake, chifukwa ngongole zimabwezedwa chuma chisanagawidwe. Ngati golosaleyo anaitsegula mothandizana ndi mkazi wake wachiwiri, wilo ingagawe gawo la mwamunayo lokha, popeza munthu sangapereke chimene si chake.

Kenaka atchule mwana aliyense ndi dzina lake lonse, pakuti mawu akuti "ana anga" kapena "banja langa" ndiwo amayambitsa mikangano pa tsiku la kusesa, mbali iliyonse ikamawamasulira moikomera. Chigayo sichidulidwa pasanu, choncho wilo inene poyera amene adzachiyendetse ndi mmene phindu lidzagawidwire. Mwachitsanzo, ingalamule kuti mwana wamkulu ayendetse chigayocho ndi kulandira malipiro pamwezi, kuti phindu lotsala atalipira magetsi ndi antchito ligawidwe mofanana kwa ana onse asanu, ndiponso kuti gawo la aang'onowo lisungidwe ndi mayi awo kuti lilipire sukulu mpaka aliyense atakwanitsa zaka 18. Kumana mbali imodzi si nzeru ngakhale pali mkwiyo wakale, chifukwa khothi lili ndi mphamvu zopatsa gawo mkazi kapena mwana amene wilo yamusiya wopanda thandizo loyenera.

Chachitatu ndicho kusankha woyendetsa chuma cha masiye, yemwe ndi munthu wosonkhanitsa katundu, wobweza ngongole ndi wogawa zotsala monga wilo yanenera. Pabanja lotere ndi bwino kusankha anthu awiri, mmodzi wokhulupiridwa ndi mbali iliyonse.

Wilo ikalembedwa, m'Chichewa momwe ngati mwiniwake wafuna, iye aisainire pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, nazonso zisainire iye akuona. Mbonizo zikhale anthu akuluakulu amene sadzalandira kanthu, pakuti mboni yotchulidwa m'wiloyo ingathe kutaya gawo lake. Tsiku lilembedwenso, kuti wilo yatsopano idzasiyanitsidwe ndi yakale.

Chikalatacho chisungidwe ku Khothi Lalikulu, kwa loya kapena ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma, osati m'sutikesi ya kuchipinda kumene wokhumudwa angaching'ambe. Amene analemba wilo asanalowe m'banja lachiwiri alembe ina, chifukwa ukwati watsopano kawirikawiri umafafaniza wilo yakale.