Poloti ya ku Linthipe: funsani mwini nthaka musanatumize ndalama

Mtsikana wina wa ku Dedza, amene dzina lake sitilitchula, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni. Mwezi ukatha ankapatula marandi, ena kutumizira mayi ake pa Mukuru, ena kusunga. Sankafulumira kuwasintha, ndipo anachita bwino: mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, moti amene anasunga makwacha anadzuka ndalama zawo zitafooka usiku umodzi wokha.

Ndalama zitakwana, msuweni wake anamuimbira kuti wapeza poloti pafupi ndi msika wa Linthipe 1, m'mbali mwa msewu wa M1 wochoka ku Lilongwe kupita ku Dedza. Zithunzi zinabwera: nthaka yofiira, mtengo wa mango pakona, bambo wina atanyamula khasu akuloza malire. Mtengo unali wabwino. "Tumizani lero, achemwali, ena akuifunanso," anatero msuweniyo.

Iye sanatumize. Anapempha malume ake kuti akaone kaye, ndipo funso loyamba la malumewo linali lakuti, "Kodi bambo, inu kuno ndi kwanu kochokera, kapena munabwera ndi banja?" Bamboyo anavomera kuti ndi mkamwini.

Apa m'pamene ambiri a ife okhala kunja timagwera m'mbuna. M'midzi yambiri ya Achewa ku Dedza, nthaka imayenda ndi mbumba, kutsata kuchikazi. Mkamwini angalime munda zaka makumi awiri, koma mundawo si wake. Ngakhale mayi wa pakhomopo sangaugulitse yekha popanda alongo ndi abale ake kuvomera. Mukapereka ndalama kwa munthu mmodzi, nkhani imakhala chete mpaka tsiku limene njerwa zatsitsidwa. Pamenepo mwini mbumba amatulukira n'kunena kuti malowo ndi a ana a mlongo wake, ndipo kubwalo la mfumu amene mumaoneka wolakwa ndinu.

Panalinso vuto lachiwiri. Malumewo atayeza ndi chingwe anapeza kuti mbali yakutsogolo ya polotiyo ili m'malo a msewu. Pa misewu ikuluikulu ngati M1, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, mbali zonse ziwiri, ndi malo osungidwira msewuwo, ndipo chomangidwa mmenemo chikhoza kugwetsedwa. Pa poloti ya mamita 30 m'litali, imene malire ake akuyambira mamita 20 kuchokera pakati pa phula, mamita 10 athunthu mwagula mphepo.

Mtsikanayo malowo anawasiya. Patapita miyezi anapeza ena chakumtunda, patali ndi dambo, pakuti malo oyandikira mtsinje wa Linthipe amaoneka ouma mu Okutobala koma Febuluwale amanena zoona. Ulendo uno anapempha tchuthi n'kubwera yekha. Anakhala pansi ndi mayi mwini malo, alongo ake awiri, anyakwawa, a gulupu ndiponso eni minda yoyandikana nayo. Onse anayenda malire pamodzi, n'kuzika zizindikiro za simenti m'makona anayi anthu akuona. Kalata ya mgwirizano inatchula dzina la mtsikanayo monga lilili pa chiphaso cha unzika, kukula kwa malo, oyandikana nawo ndi mtengo wake. Aliyense anasaina kapena kudinda chala, mfumu n'kuikapo chidindo. Ndalama anapereka theka kudzera kubanki, theka lina kalatayo itadindidwanso kwa Gogo Chalo.

Dzina lolembedwa pa kalatayo musalinyozere. Kulembetsa poloti m'dzina la mchimwene "poti ndiye ali pafupi" kwaphwanya maubale ambiri, ndipo pepala limamvera dzina limene lalembedwapo.

Kalata ya mfumu ndi umboni wabwino, koma si mapeto. Malamulo a za malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anabweretsa makomiti oyang'anira malo a makolo pansi pa a gulupu, komanso njira yolembetsera malowo kuboma. Choncho musanapereke khobidi, pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Dedza mukafunse ngati malowo ndi ololedwa kugulitsidwa, ndiponso njira yowalembetsera kapena yopezera lizi. Ngati munatenga unzika wa dziko lina, yambani mwakonza mapepala a unzika wa Malawi, chifukwa kusintha kwa 2022 kunakhwimitsa kwambiri zopereka malo kwa amene si nzika.

Mtsikanayo asanakwere basi yobwerera ku Joni anajambula mapepala onse pafoni, enieniwo n'kuwasiya m'manja mwa mayi ake. Anagwirizana ndi azakhali ake kuti azilimapo mbatatesi ndi nyemba kufikira atapeza za maziko, kuti oyandikana nawo asamasunthe malire pang'onopang'ono nyengo iliyonse yolima.