Kusandutsa zolemba za pamsonkhano kukhala ndandanda wa ntchito

Msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi ukatha, mfundo zimakhala zitabalalika: zina m'kope la mlembi, zina kuseri kwa kalata ya wapampando, zina m'mutu mwa msungichuma. Mlembi azisonkhanitse tsiku lomwelo, anthu asanayambe kukumbukira mosiyana.

Tiyerekeze kuti nkhani inali ya mjigo wowonongeka, ndipo zolembazo zikuti: "Amayi akutunga madzi kudambo. Mmisiri aitanidwe. Ndalama za zipangizo zisonkhedwe msanga. Akhansala adziwitsidwe." Pa chiganizo chilichonse funsani kuti, kodi pali choti munthu achite? Choyambacho ndi dandaulo chabe, choncho chitsale m'kope. Zitatu zinazo ndizo ntchito. Jambulani mizere yotsika pa pepala kuti pakhale zigawo zinayi, ndipo ntchito iliyonse ikhale pa mzere wakewake.

Chigawo cha mwini ntchito ndicho chimavuta. Mawu ngati "aitanidwe" ndi "zisonkhedwe" amamveka bwino pabwalo, koma amabisa woitana ndi wosonkhetsa. Kulemba kuti "komiti" kapena "tonse" n'kubisanso, pakuti aliyense amayesa kuti mnzake wapita kale. Lembani munthu mmodzi, ngakhale ena adzamuthandize. Ngati msonkhano sunatchule munthu, mlembi asasankhe yekha. Afunse wapampando, ndipo wosankhidwayo auzidwe n'kuvomera dzina lake lisanalembedwe.

"Msanga" si tsiku. Lembani la pa kalendala. Onaninso ntchito yomwe ikudikira inzake. Msungichuma sangauze mabanja ndalama zoti asonkhe mmisiri asanaone mjigo n'kutchula mtengo wa zipangizo, motero tsiku la mmisiri likhale loyamba.

Mu chigawo chotsiriza gwiritsani ntchito mawu anayi okha: sinayambe, ili mkati, yaima, yatha. Msonkhano uja ukanakhala wa pa 2 Meyi, ndandanda ukanaoneka motere pa 12 Meyi:

| Ntchito | Mwini ntchito | Tsiku lomaliza | Pomwe yafika |
|---|---|---|---|
| Kudziwitsa khansala | Mlembi | 5 Meyi | Yatha: kalata inaperekedwa |
| Kuitana mmisiri | Wapampando | 9 Meyi | Yaima: mmisiri ali kumaliro |
| Kusonkhetsa ndalama | Msungichuma | 23 Meyi | Sinayambe: ikudikira mtengo |

Aliyense wowerenga aona kuti msungichuma alibe mlandu. Pomwe pamanga ndi pa mzere wachiwiri. Muchenjere kwambiri ndi "ili mkati", chifukwa ntchito yomwe yagona imakonda kubisala m'mawu amenewa. Ikaoneka choncho pa misonkhano iwiri yotsatizana, funsani chomwe chachitika chenicheni. "Yatha" ilembedwe pokhapokha pali umboni, monga lisiti kapena madzi akutuluka pa mjigo.

Tsiku likadutsa ntchito isanathe, musalifufute. Lembani latsopano pambali pake kuti kuchedwako kuoneke, ndipo ndandandawu uwerengedwe koyambirira kwa msonkhano wotsatira, nkhani zatsopano zisanalowe.