Lamulo la Tcheni: Kumasula sin √(x + 1) Kuyambira Kunja

Ophunzira ambiri a kalikulasi amadziwa kuti derivativi ya sin x ndi cos x, ndiponso kuti ya √x ndi 1/(2√x). Koma akakumana ndi y = sin √(x + 1) pa mayeso, cholembera chimayamba kunjenjemera. Chovuta n'chakuti pano pali mafankishoni atatu, ina mkati mwa inzake, ndipo munthu ayenera kudziwa poyambira.

Choyamba onetsetsani kuti mwawerenga bwino funso. M'chitsanzo chathuchi, x + 1 yense ali pansi pa chizindikiro cha sikweya ruti. Zikanakhala sin(√x + 1), likanakhala funso lina ndi yankho lina.

Kuti muone zigawo zake, yerekezani kuti mwapatsidwa x = 3 ndipo mukuwerengera y pa kakyuleta. Muyamba ndi kuphatikiza 1, mupeza 4. Kenako mutenga sikweya ruti, mupeza 2. Pomaliza mutenga saini ya 2. Chimene mwachita pomalizacho ndiye chigawo chakunja, ndipo lamulo la tcheni limayambira pamenepo n'kumalowa mkati. Tizipatse mayina zigawozi: u = x + 1, v = √u, y = sin v.

Tsopano chigawo chilichonse chili ndi derivativi yosavuta: dy/dv = cos v, dv/du = 1/(2√u), ndipo du/dx = 1. Lamulo la tcheni likuti tichulukitse zitatuzi:

dy/dx = dy/dv × dv/du × du/dx = cos v × 1/(2√u) × 1

Tikabwezera x m'malo mwa u ndi v, tipeza:

dy/dx = cos √(x + 1) / (2√(x + 1))

N'chifukwa chiyani tikuchulukitsa, osati kuphatikiza? Tibwerere pa x = 3. Pamenepa x akasuntha pang'ono, u amasuntha chimodzimodzi. Koma v amasuntha gawo limodzi mwa magawo anayi a kusunthako, chifukwa 1/(2√4) ndi 1/4. Ndiyeno y amasuntha kamtunda ka v kaja kuchulukitsa ndi cos 2, amene ndi −0.4161. Chigawo chilichonse chimalandira kusintha kuchokera mkati, n'kukukulitsa kapena kukuchepetsa chisanapatsire chinzake. Choncho −0.4161 × 1/4 × 1 = −0.1040. Chizindikiro chochotseracho chikutiuza kuti pamalo amenewa y akutsika pamene x akukwera.

Yankho lotere mungathe kuliyesa nokha musanapereke pepala. Pa x = 3, y = sin 2 = 0.909297. Pa x = 3.01, sikweya ruti ya 4.01 ndi 2.002498, ndipo saini yake ndi 0.908255. Kusiyana kwake ndi −0.001042, ndipo tikagawa ndi 0.01 tipeza pafupifupi −0.104. Zagwirizana. Koma kakyuleta ikhale pa RAD. Ikakhala pa DEG idzawerenga 2 ngati madigiri awiri, cos 2 adzatuluka 0.9994, ndipo yankho lanu lidzakhala 0.2498, lolakwika ndi chizindikiro chomwe. Lamulo lakuti derivativi ya sin x ndi cos x limagwira ntchito m'maradiyani mokha.

Cholakwa chofala n'kusintha zamkati mwa kosaini, n'kulemba cos(1/(2√(x + 1))). Ayi ndithu. Potenga derivativi ya chigawo chakunja, zamkati zimakhala mmene zinalili. Derivativi ya zamkatizo imaima panja ngati chochulukitsira. Pa x = 3 cholakwachi chimapereka 0.9689, ndipo kuyesa kwathu kuja kungachigwire nthawi yomweyo.

Pali msampha wina umene ine ndimauona kuti ndi woopsa kuposa umenewu, chifukwa subweretsa chilango msanga. Popeza derivativi ya x + 1 ndi 1, wophunzira amene waiwala chigawo chachitatu amapezabe yankho lolondola, mphunzitsi n'kumuchongera, iye n'kumaganiza kuti wamvetsa. Tsiku lina funso limabwera ngati sin √(3x + 1). Pamenepo du/dx ndi 3, ndipo yankho ndi 3 cos √(3x + 1) / (2√(3x + 1)). Amene anazolowera kuima pa zigawo ziwiri amataya 3 uja. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba "× 1" nthawi zonse, ngakhale akuoneka ngati wopanda ntchito.

Onaninso malire a yankholi. Fankishoni yathu imalandira x kuyambira pa −1 kupita m'tsogolo, chifukwa pansi pa sikweya ruti sipangakhale nambala yochepera 0. Pa x = −1 penipeni y alipo, ndi sin 0 = 0, koma derivativi palibe, popeza 2√(x + 1) amakhala 0 ndipo sitigawa ndi 0. Pa girafu, mzere umanyamuka pamalo amenewo uli chilili. Choncho pambali pa yankho lanu lembani kuti likugwira ntchito pamene x > −1.