Sivi Yanga Inafika? Kafunsidwe Kaulemu pa Imelo

Tiyerekeze kuti mwamaliza Fomu 4 ndipo mwafunsira ntchito yothandiza mu labotale ya pasukulu ina. Sivi, lija pepala lofotokoza maphunziro ndi luso lanu, munaitumiza pa 3 Malichi. Tsiku lotsekera linali 14 Malichi. Kuchokera apo, kuli zii. Mutani?

Musanafunse munthu, funsani foni yanu. Imelo sipita molunjika kwa woilandira. Imachoka pa foni kupita ku seva, kompyuta yaikulu ya kampani yanu ya imelo, ndipo sevayo imaipereka ku seva ya olemba ntchito. Ndiye yang'anani mu Sent. Ikakhala mu Outbox, sinachoke n'komwe, mwina intaneti inaduka. Ngati munalakwitsa adiresi n'kulemba yomwe kulibe, Gmail imakubwezerani uthenga wochokera kwa Mail Delivery Subsystem. Koma Sent imangosonyeza kuti imelo inanyamuka. Kumene ikupitako ikhoza kugwera mu Spam, inu osadziwa. Ichi n'chifukwa chomveka chofunsira.

Nthawi yofunsira ndi iti? Maofesi ambiri amayamba kuunika masivi tsiku lotsekera likadutsa, choncho kufunsa pa 5 Malichi n'kutaya nthawi. Dikirani sabata imodzi kapena ziwiri kuchokera pa 14 Malichi. Tsegulani imelo yanu yoyamba ija n'kudina Reply, kuti wowerenga aone zonse pamalo amodzi. Lembani m'chinenero chimene chinali pa chidziwitso cha ntchito, chomwe nthawi zambiri chimakhala Chingerezi, koma kayalidwe kake ndi komweka:

Okondedwa Bwana,

Pa 3 Malichi ndinatumiza sivi yanga pofunsira ntchito ya wothandiza mu labotale. Ndimati ndidziwe ngati inakufikani, komanso ngati mwayamba kuunika makalata a ofunsira. Ndaiphatikizanso pano kuti musavutike kuifufuza. Ngati pali pepala lina lofunika, chonde ndidziwitseni.

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu.

Pansi pake lembani dzina lanu lonse ndi nambala ya foni.

Taonani mmene yagwirira ntchito. Deti ndi dzina la ntchito zimathandiza wowerenga kukupezani pakati pa ofunsira ambiri. Mafunso onse awiri angathe kuyankhidwa ndi mzere umodzi. Funso lakuti "mwanditenga kapena ayi?" mulibemo, chifukwa amene amatsegula imelo kawirikawiri si amene amagamula. Mulibenso dandaulo ngati "bwanji simukundiyankha?" Mawu otere amasiya chithunzi cha munthu wosaleza mtima, sivi isanawerengedwe n'komwe.

Chidziwitso chikanena kuti adzayankha okhawo amene asankhidwa, chotsani funso lachiwiri, mungofunsa ngati sivi inafika. Ndipo funsani kamodzi kokha. Pakadutsanso sabata ziwiri popanda yankho, musatumize imelo yachitatu. Lembani madeti onse m'kope mwanu, n'kupitiriza kufunsira kwina.