Ntchentche pa lesitilanti: ziduleni zisanamere mapiko

Mayi wina amene ali ndi lesitilanti pamsika wadandaula kuti amapopera mankhwala m'mawa uliwonse, koma pofika masana ntchentche zimakhala zadzadzanso pa ndiwo. Mayi, mankhwalawo akupha zouluka zokha. Koswera kwake, kuchimbudzi ndi kudzala, simunakukhudze.

Ntchentche imodzi imaikira mazira pafupifupi 100 nthawi imodzi pa chonyowa chilichonse chowola. Tsiku lisanathe mazirawo amaswa mphutsi, ndipo kukamatentha, pakangotha masiku 7 mpaka 10 mphutsizo zimakhala zasanduka ntchentche zouluka. Choncho matumbo a nsomba ndi makoko a nsima amene mwataya Lolemba, sabata yamawa adzakubwezerani ntchentche zatsopano. Zikatera pa manyi, zimanyamula tizilombo ku miyendo, n'kukasanzira ndi kunyera pa chakudya. Umu ndi momwe kamwazi ndi matenda ena otsekula m'mimba amafikira m'mbale ya kasitomala.

Yambirani kudzala. Zinyalala zonyowa zisagone pamtunda. Kumbani dzenje, ndipo madzulo aliwonse poweruka fotserani za tsikulo ndi dothi lochindikala ngati chikhatho, n'kulipondaponda. Ngati zinyalala amadzatenga a khonsolo, zisungeni m'bini yotseka bwino ndipo isathe masiku atatu isanakhuthulidwe. Muziitsuka pansi pake, chifukwa mphutsi zimatsalira m'madzi odikha m'menemo.

Kuchimbudzi, onani kaye mtundu wake. Ngati n'chokumba wamba, pabowo pakhale chivundikiro chokhala ndi chogwirira, chotseka osasiya mpata, ndipo muzithiramo phulusa la pamoto wanu tsiku lililonse. Matani ming'alu yonse ya pansi, chifukwa ntchentche zimatulukira pomwepo.

Ngati chili ndi paipi yotulutsa mpweya, musavundikire bowolo, chifukwa mpweya uyenera kulowera pabowo n'kutulukira kupaipi. M'kati mwa chimbudzimo mukhale mdima, chitseko chizikhala chotseka. Ntchentche zoswedwa m'dzenje zimatsata kuwala kwa kumwamba kwa paipi, n'kukakodwa pa sefa ya kunsonga mpaka kufa. Paipiyo ipitirire denga ndi theka la mita. Mwezi uliwonse onani ngati sefayo sinabooke, ndipo thirani madzi m'paipi kuti akangaude asaitseke.

Mudziwa bwanji koswera? Mukaona ntchentche zobiriwira zonyezimira zikutuluka pabowo, kapena mphutsi zikukwawa m'mbali mwake, vuto lili m'chimbudzi. Mukafukula dothi m'mphepete mwa dzala n'kupeza tizikwa tofiirira, vuto lili pamenepo. Dikirani sabata ziwiri musanaweruze ntchito yanu, popeza zimene zinaswedwa kale zikhala zikuulukabe.

Komabe ntchentche si njira yokhayo yofalitsira matenda. Kolera imayenda kwambiri ndi madzi ndi manja. Ikani mpondagiya ndi sopo pakhomo la chimbudzi, thirani klorini m'madzi akumwa, vundikirani chakudya. Wantchito amene watsekula m'mimba asakhudze chakudya; amwe Thanzi ORS, apite kuchipatala, ndipo abwerere atachira.