Funso Losawoneka Bwino

Pa tchuthi ndinali kwathu ku Nsambe pamene mnzanga ananditumizira pa foni chithunzi cha funso la Fizikisi. Anajambula usiku, dzanja likunjenjemera, moti manambala ena anachita mbuu.

Funsolo linkafuna densite ya chidutswa cha aluminiyamu. Mothamanga ndinawerenga mbali zake kuti 10 cm, 5 cm ndi 40 cm, kulemera 540 g. Voliyumu inatuluka 2000 cm³, densite 0.27 g/cm³. Apa ndinadabwa. Densite ya madzi ndi 1 g/cm³, ndiye kuti chidutswacho chikanayandama pamadzi ngati bango!

Ndinasiya kakyuleta nkutenga pepala. Ndinalemba nambala iliyonse pamzera wake pamodzi ndi yuniti yake, ndipo pamene ndinakayika ndinaika chizindikiro cha funso. Zokayikitsa zinalipo ziwiri. Yuniti ya 40 inali yotambalala kuposa cm ya pa 10 ndi 5. Nditakuza chithunzi ndinaona kuti ndi mm, kutanthauza 4 cm. Voliyumu tsopano inakhala 200 cm³.

Chachiwiri chinali nambala yapakati pa kulemera: 4 kapena 9? Ndinayesa zonse. 540 ÷ 200 = 2.7, pamene 590 ÷ 200 = 2.95. Mabuku athu amati densite ya aluminiyamu ndi 2.7 g/cm³, choncho ndinasankha 540.

Koma anzanga, kuyesa kotere kumathandiza pokhapokha funso litatchula chitsulocho. Likanangoti "chitsulo china", ndikanamuuza mnzangayo kuti ajambulenso masana, pepala litagona patebulo.